Munatenga K50,000 ku banki mkhonde: nanga K86,400 yachokera kuti?

Chaka chilichonse tikamayandikira tsiku logawana, sipalephera kubwera munthu kunyumba kwanga atagwira kabuku kake, nkhope ili ndwii. Funso limakhala limodzi lomweli: "A sekilitale, ine ndinatenga K50,000 miyezi itatu yapitayo. Mwana wanga wawerengera wapeza K80,000. Nanga K86,400 mwalembayi yachokera kuti?" Ndakhala ndikugwira buku la gulu lathu kwa zaka zingapo, ndipo funsoli ndaliyankha pakhonde, pachigayo, tsiku lina mpaka pobwera kumaliro. Ndiye ndati ndililembe kamodzi, wofunsa ndizingomuuza kuti awerenge.

Mwana uja sanalakwitse masamu, inenso sindinabe. Tinangowerengera chiwongoladzanja m'njira ziwiri zosiyana. Kusukulu amazitcha simpo ndi kompaundi. Ine ndizitchula momwe timanenera pamphasa: chiwongoladzanja chosabereka ndi chiwongoladzanja chobereka chinzake. Taganizirani mbuzi yaikazi. Ikamabereka atonde okhaokha, khola limakula ndi mbuzi imodzi nthawi iliyonse, chifukwa wobereka ndi make yekhayo. Ikamabereka timisoti, nato timakula n'kuyamba kubereka, ndipo khola limadzaza msanga. Ngongole yanu ndi make uja. Nkhani yonse yagona pa funso loti ana ake akuberekanso kapena ayi.

Mawu awiri okha musawasokoneze. Ndikanena kuti "ngongole yeniyeni" ndikutanthauza ndalama imene munaiwerenga m'manja tsiku lotenga, muno ndi K50,000. Ndikanena kuti "zotsala" ndikutanthauza zonse zimene buku likusonyeza kuti muyenera kubweza ku gulu, kuphatikizapo chiwongoladzanja chimene simunapereke. Tengani cholembera ndi pepala, foni ikhale pafupi.

1. Musanasaine, funsani zinthu zinayi ndipo muzilembe

Zitatu aliyense amafunsa: nditenga zingati, chiwongoladzanja ndi chingati, ndibweza liti. Chitsanzo chathu tinene kuti ndi mayi wogulitsa usipa, watenga K50,000 kuti akaode, gulu lake limaika K20 pa K100 iliyonse pa mwezi, ndiye kuti 20 peresenti, ndipo malamulo amamupatsa miyezi itatu. Magulu ena amaika 10 peresenti, ena amapitirira 20. Gulu lililonse limadziikira lokha m'malamulo ake, choncho musatengere za gulu la apongozi anu.

Mawu oti "pa mwezi" muwamve bwino. Mabanki akuluakulu akamalengeza chiwongoladzanja amakhala akunena cha pa chaka. Mwina mungamve kuti kubanki ndi 30 peresenti, inu n'kumati bola kwathu kuno ndi 20. Ayi ndithu. 20 peresenti pa mwezi ndi 240 peresenti pa chaka, ndipo apo sichinayambe n'komwe kubereka chinzake.

Funso lachinayi ndi limene anthu safunsa, mwina chifukwa cha manyazi, poti limamveka ngati mwayamba kale kukonzekera kulephera. Funsani basi: "Mwezi ukatha ine osapereka kalikonse, chiwongoladzanja cha mwezi wachiwiri mudzawerengera pa ndalama iti, pa K50,000 kapena pa K60,000?" Yankho la funso limeneli ndi limene limakuuzani mtundu wa chiwongoladzanja cha gulu lanu. Mlembi akayankha kuti "tidzaona pomwepo", musatenge ndalamayo kufikira gulu lonse litagwirizana chimodzi.

2. Pezani chiwongoladzanja cha mwezi umodzi

Apa palibe chovuta. Mu K50,000 muli ma K100 okwana 500, ndipo iliyonse ikubereka K20, ndiye kuti K10,000. Njira yapafupi ya pamtima: chotsani ziro mmodzi kumapeto kwa K50,000, mupeza K5,000, imeneyo ndi 10 peresenti. Iwirikizeni, K10,000. Mwezi woyamba ukatha mayi uja ayenera kubweza K60,000, kaya gulu limawerengera njira iti. N'chifukwa chake anthu amene amabweza ngongole yonse mwezi umodzi amatha kukhala m'gulu zaka zambiri osadziwa kuti pali njira ziwiri. Zimasiyana kuyambira mwezi wachiwiri.

K10,000 imeneyi muisunge m'mutu. Tidzaifunanso pa sitepe yachisanu, ndipo kumeneko ndiye ili ndi ntchito yaikulu.

3. Werengerani chosabereka

Pa njira iyi, mwezi uliwonse mumabwerera ku ngongole yeniyeni. Kaya papita miyezi ingati, 20 peresenti imatengedwa pa K50,000 yomweyo. Tinene kuti usipa sunayende, mvula yavuta, mayi uja sanapereke kalikonse mpaka mwezi wachitatu. Mwezi woyamba K10,000, wachiwiri K10,000, wachitatu K10,000. Chiwongoladzanja chonse K30,000, kuphatikiza ngongole yeniyeni, K80,000. Pafoni mutha kulemba chonchi:

```
50000 × 0.2 × 3 = 30000
50000 + 30000 = 80000
```

Iyi ndi nambala imene mwana wa sukulu uja anapeza. Ngongole yotere imakwera ndi muyezo umodzi mwezi uliwonse: 60, 70, 80, 90. Mutha kudziwiratu za mwezi uliwonse popanda cholembera.

4. Werengerani chobereka chinzake

Tsopano onani zimene zimachitika pamphasa m'magulu ambiri. Bokosi la ndalama za gulu latsekulidwa, osunga makiyi ake atatu abwerera pamalo pawo, mlembi akuitana mayina. Afika pa mayi wa usipa, iye akuti, "Mwezi uno ndilibe, munditembenuzire." Mlembi akudula mzere pa K50,000, n'kulemba K60,000 ngati ngongole yatsopano. Palibe amene watchula mawu oti kompaundi, palibenso amene wakwiya. Koma pa mphindi imeneyo, K10,000 ija yasiya kukhala chiwongoladzanja, yasanduka ngongole, ndipo mwezi wamawa nayo ibereka.

Mwezi wachiwiri 20 peresenti ikutengedwa pa K60,000. Chotsani ziro, K6,000, wirikizani, K12,000. Zotsala zafika K72,000. Mwezi wachitatu ikutengedwa pa K72,000, ndipo ikupereka K14,400. Zonse pamodzi K86,400. Pafoni njira yachidule ndi kutaimusa ndi 1.2 kamodzi pa mwezi uliwonse, chifukwa 1 akuimira zomwe munali nazo kale ndipo 0.2 akuimira chiwongoladzanja:

```
50000 × 1.2 × 1.2 × 1.2 = 86400
```

Gulu lanu likakhala la 10 peresenti, taimusani ndi 1.1. Cholakwa chimene ndimachiona kawirikawiri ndi kutaimusa 1.2 ndi 3, kuganiza kuti ndi chimodzimodzi. Mukatero mupeza K180,000, mutu n'kuyamba kuwawa pachabe. Lembani 1.2 katatu, osati kutaimusa ndi 3.

K6,400 yosiyanayo tiyeni tiipeze komwe yabisala, chifukwa anthu sakhulupirira mpaka ataiona. K10,000 ya mwezi woyamba yakhala m'buku miyezi iwiri, ndipo mwezi uliwonse yabereka K2,000, ndiye K4,000. K10,000 ya mwezi wachiwiri yakhala mwezi umodzi, yabereka K2,000. Ndiye pali kamdzukulu: K2,000 yoyamba ija nayo yakhala mwezi umodzi, yabereka K400. Wonkhetsani K4,000, K2,000 ndi K400, mupeza K6,400 ndendende.

Pa miyezi itatu kusiyanaku n'kopiririka. Koma ngongole za banki mkhonde zimene zimathetsa chibale si za miyezi itatu, ndi zija zimatembenuzidwa mwezi ndi mwezi mpaka tsiku logawana. Mwezi wachinayi chosabereka chili pa K90,000, chobereka chili pa K103,680, ndiye kuti ngongole yawirikiza kale. Mwezi wachisanu ndi chimodzi ndi K110,000 uku, K149,299 uko. Itakhala chaka chathunthu osapereka kanthu, chosabereka chingafike K170,000, chobereka K445,805. Ndi K50,000 yomwe ija, 20 peresenti yomweyo.

Gulu la 10 peresenti lili ndi mpumulo pang'ono. Pa miyezi itatu ndi K65,000 pa njira yoyamba ndi K66,550 pa yachiwiri, kusiyana K1,550 yokha. Kubereka kumaluma kwambiri peresenti ikakhala yaikulu komanso miyezi ikachuluka. Chimodzi mwa ziwirizi chikachepa, njira ziwirizi zimayandikana.

5. Mukapereka pang'ono: apa ndiye pamene pamavuta

Buku la masamu limathera pa sitepe yachinayi, ngati kuti munthu amakhala miyezi itatu osapereka ngakhale tambala, kenaka n'kubwera ndi ndalama yonse tsiku limodzi. Kumudzi sizitero. Munthu amabwera ndi zomwe wapeza: mwezi uno K4,000, mwezi wamawa K25,000. Mikangano yambiri imene ndaiona imayambira apa, ndiye tiyende pang'onopang'ono.

Choyamba dziwani kuti ndalama imene mwaika m'mbale imayenera kupita kwinakwake m'buku. Pa mawerengedwe amene tikutsata pano, imayamba yalipira chiwongoladzanja cha mwezi umenewo, ndipo yotsalayo ndi imene imadula ngongole yeniyeni. Ndiye K10,000 ija ndi malire. Zomwe zikuchitikireni zikudalira kuti mwapereka yochepera pamenepo, yokwanira ndendende, kapena yopitirira.

Tiyambe ndi yochepera. Mwezi woyamba watha, mayi uja ayenera kubweza K60,000, wabwera ndi K4,000. Zotsala ndi K56,000, ndipo mkati mwake muli K50,000 ya ngongole yeniyeni ndi K6,000 ya chiwongoladzanja chosaperekedwa. Gulu lowerengera chosabereka liika K6,000 pambali kuti idikire, n'kuwerengera K10,000 ina pa K50,000. Mwezi wachiwiri mayiyo apeza K66,000. Gulu lowerengera chobereka litenga 20 peresenti pa K56,000 yonse, yomwe ndi K11,200, ndipo mayiyo apeza K67,200. Kusiyana K1,200, yomwe ndi 20 peresenti ya K6,000 ija. Onani kuti K4,000 yake sinapite pachabe: akanapanda kupereka kanthu bwenzi ali pa K72,000, ndiye K4,000 yamuchotsera K4,800. Anthu ena amachita manyazi kubwera ndi ndalama yochepa, amati bola ndidikire ikwane. M'gulu la chobereka kudikirako kumalipiritsa. Bweretsani yomwe muli nayo.

Tsopano yokwanira ndendende. Mayi uja wabwera ndi K10,000 mwezi woyamba. Chiwongoladzanja chatha, ngongole yabwerera pa K50,000. Mwezi wachiwiri K10,000 inanso. Mwezi wachitatu K60,000. Zonse wapereka K80,000, chimodzimodzi ndi chosabereka, ngakhale gulu lake ndi la chobereka. Chifukwa chake n'chapafupi: palibe mwana amene wagona m'khola kuti akule. Ichi ndi chinthu chimene ndimafuna munthu aliyense wa m'gulu achidziwe. Chiwongoladzanja chimabereka chinzake pokhapokha chikatsala m'buku. Mukamachipereka chonse pa tsiku lake, mwachitsekera njira. Ngati mwezi wavuta kwambiri ndipo muyenera kusankha pakati pa kugula masheya ambiri ndi kupereka K10,000 imeneyi, gulani sheya yochepa imene malamulo amalola, yotsalayo mutseke nayo chiwongoladzanja.

Komabe musakhazikike pamenepo. Ndaonapo munthu akupereka chiwongoladzanja chokha miyezi isanu, mokhulupirika, osaphonya. Pa chitsanzo chathu ndiye kuti wapereka K50,000 yathunthu koma ngongole ikadali K50,000, osasuntha. Kupereka chiwongoladzanja chokha kumaimitsa moto kuti usafalikire, sikuuzimitsa.

Yachitatu, yopitirira malire, ndi imene imadabwitsa anthu, chifukwa apa zinthu zimatembenuka. Mayi uja usipa wayenda, mwezi woyamba wabwera ndi K25,000. K10,000 yapita ku chiwongoladzanja, K15,000 yadula ngongole, yatsala K35,000. Funso ndi lomwe lija: mwezi wamawa 20 peresenti itengedwa pa ndalama iti?

Gulu limene limawerengera pa zotsala, lomwe lija tinaliona ngati lankhanza pa sitepe yachinayi, litenga pa K35,000. Chiwongoladzanja K7,000, zonse K42,000. Mayiyo aperekanso K25,000, yatsala K17,000. Mwezi wachitatu chiwongoladzanja K3,400, apereka K20,400, ngongole yatha. Wonkhetsani: K25,000, K25,000 ndi K20,400, zonse K70,400.

Koma pali magulu ena amene amati, "Ife sitibereketsa, timawerengera pa ndalama imene munatenga basi." Zikumveka zachifundo. Funsitsani tanthauzo lake. Ngati akutanthauza kuti K10,000 pa mwezi siisintha ngakhale mwadula ngongole, ndiye kuti mayi uja apereka K25,000, K25,000, ndi K30,000 pomaliza, zonse K80,000. Mwezi wachiwiri akulipirira K50,000 pamene m'manja mwake mwatsala K35,000 yokha ya gulu. Wapereka K9,600 yoposa mnzake wa m'gulu "lankhanza" lija, chonsecho onse abweza mofanana miyezi iwiri yoyambayo.

Ndiye munthu akandifunsa kuti njira yabwino ndi iti, sindiyankha msanga. Kuwerengera pa zotsala kumalanga wochedwa koma kumapepukira wobweza msanga. Kuwerengera pa ndalama yoyamba nthawi zonse kumateteza wochedwa koma wobweza msanga sapindula kanthu. Ilipo njira yachitatu yokomera wobwereka mbali zonse: kuwerengera pa ngongole yeniyeni imene yatsala, yomwe imatsika mukadula, koma chiwongoladzanja chosaperekedwa osachiphatikiza. Imeneyi ndiye chosabereka chenicheni. Vuto lake ndi loti imafuna mlembi wosunga mizere iwiri yosiyana pa munthu aliyense, wina wa ngongole, wina wa chiwongoladzanja chotsalira, ndipo gulu limapeza phindu locheperapo pogawana. Maganizo anga ndi oti gulu limene anthu ake ambiri amachita geni yoyenda tsiku ndi tsiku lingathe kuwerengera pa zotsala, bola likhwimitse malire a miyezi itatu. Gulu la alimi amene ndalama amaiona pokolola pokha lisamale nayo njirayi, chifukwa munthu wotenga mu Disembala kuti agule feteleza alibe pomwe angapeze K10,000 mu Januwale ndi Febuluwale, ndipo pofika Epulo ngongole yake yawirikiza.

6. Tsegulani kabuku kanu muone nokha

Simufunika kudikira kuti wina akuuzeni. Yang'anani mzere wa chiwongoladzanja pa miyezi iwiri kapena itatu yotsatizana, ndipo pambali pake muyang'ane zomwe munapereka.

Ngati simunapereke kanthu koma nambala ya chiwongoladzanja ndi imodzimodzi mwezi uliwonse, 10,000 ndi 10,000, ndi chosabereka. Ngati ikukwera, 10,000 kenaka 12,000 kenaka 14,400, chikubereka. Ngati munadula ngongole ndipo nambalayo yatsika, gulu likuwerengera pa zotsala. Ngati munadula koma siinatsike, likuwerengera pa ndalama yoyamba, ndipo kubweza msanga sikukuthandizani pokhapokha mutamaliza ngongole yonse.

Mabuku ena alibe mzere wa chiwongoladzanja, mlembi amangolemba zotsala. Zikatero tengani zotsala za mwezi uno, chiwongoladzanja chitaikidwa kale, muzigawe ndi zomwe zinatsala mwezi watha mutapereka. Mukapeza 1.2 pamene munasiya chiwongoladzanja china chosaperekedwa, akuwerengera pa zotsala zonse. Chitsanzo, 67,200 kugawa ndi 56,000 ndi 1.2. Mukapeza nambala yochepera 1.2, monga 66,000 kugawa ndi 56,000 yomwe ikupereka pafupifupi 1.18, ndiye kuti akuwerengera pa ngongole yeniyeni. Ikapitirira 1.2 pamene simunadule ngongole yeniyeni, muli china chimene chalowamo, ndipo kawirikawiri ndi chindapusa.

Ndivomereze pano kuti chaka changa choyamba pa ulembi ndinalakwitsa ndekha pa nkhani yomweyi. Anthu awiri anatenga ngongole tsiku limodzi, onse analephera mwezi woyamba. Wina ndinamulembera ngongole yatsopano yophatikiza, winayo ndinangolemba chiwongoladzanja pambali ndi cholembera chofiira, poti tsiku limenelo tinkathamangira mvula. Patapita miyezi iwiri anafananitsa timabuku tawo, ndipo msonkhano wotsatira sunali wokoma. Sindinakondere aliyense, kungoti malamulo athu sananene chilichonse pa za munthu wolephera, ndiye dzanja langa linkalemba momwe lafunira tsiku limenelo.

7. Samalani ndi zinthu zitatu zimene zimasintha masamu mwakachetechete

Choyamba ndi chindapusa. Magulu ambiri amalipiritsa wochedwa kubweza, ndipo si zolakwika. Koma funsani ngati chindapusacho chimaperekedwa pomwepo m'mbale kapena chimalembedwa pa ngongole. Chindapusa cha K2,000 chikalowa mu zotsala za gulu la chobereka, pakatha miyezi iwiri chimakhala K2,880. Chiperekeni pamanja tsiku lomwelo.

Chachiwiri ndi kudula chiwongoladzanja potenga. Mwapempha K50,000, akupatsani K40,000, akuti K10,000 tachotseratu. Pakutha pa mwezi mubweza K50,000. Zikuoneka ngati ndi 20 peresenti yomwe ija, koma ndalama imene mwapita nayo kukaoda usipa ndi K40,000, ndipo K10,000 pa K40,000 ndi 25 peresenti. Nthawi zonse werengerani pa ndalama imene yafika m'manja mwanu.

Chachitatu ndi tanthauzo la mwezi. M'gulu lokumana sabata iliyonse, mwezi ungatanthauze masabata anayi kuchokera tsiku lotenga, kapena ungatanthauze msonkhano woyamba wa mwezi wotsatira. Mukatenga pa 24 ndipo gulu limatseka mabuku pa 1, mutha kulipira K10,000 yathunthu pa ndalama imene mwakhala nayo sabata imodzi. Ndipo chaka chili ndi masabata 52, ndiye "miyezi" ya masabata anayi imakwana 13, osati 12.

8. Musadzinamize ndi mawu oti "ndalamazo ndi zathu zomwe"

Mawuwa amanenedwa pa msonkhano uliwonse, ndipo ali ndi choonadi chake. Apa ndi pamene banki mkhonde imasiyanirana ndi katapila: chiwongoladzanja sichipita m'thumba la munthu mmodzi, chimabwerera m'bokosi ndipo chimagawidwa kwa onse pakutha pa chaka. Koma chimagawidwa motsata masheya, osati motsata amene anachipereka. Tinene kuti masheya a gulu lonse ndi K1,000,000 ndipo a mayi wa usipa ndi K50,000. Gawo lake ndi K5 pa K100 iliyonse ya phindu. Pa K36,400 imene wapereka ngati chiwongoladzanja, yobwerera kwa iye ndi K1,820. Yotsalayo yapita kwa anzake, makamaka aja a masheya ambiri amene satenga ngongole kawirikawiri. N'chifukwa chake pokambirana malamulo mudzaona kuti ofuna peresenti yaikulu ndi chobereka amakhala a masheya ambiri, ofuna yochepa amakhala obwereka. Onse akuwerengera bwino, aliyense za thumba lake.

Tsiku logawana, ngongole imene yatsala imachotsedwa pa gawo lanu musanalandire kanthu. Mayi wa masheya a K50,000 amene ngongole yake yafika K103,680 akhoza kubwerera kunyumba chimanjamanja, mwinanso akadali ndi ngongole, anzake akunyamula ndalama za feteleza. Magulu ambiri amalola munthu kubwereka mpaka katatu ka masheya ake, choncho zoterezi sizivuta kuchitika.

Ndiye musanatenge, yesani geni yanu ndi nambala ya pa sitepe yachiwiri. K50,000 ya usipa iyenera kubweretsa phindu loposa K10,000 mwezi uliwonse, mutachotsa thiransipoti, chiphaso cha pamsika, usipa wophwanyika ndi umene wadyedwa pakhomo. Usipa umaodedwa kangapo pa mwezi, ndiye n'zotheka. Ngongole ya fizi kapena ya kuchipatala siibweretsa kanthu, choncho muyenera kudziwiratu komwe K10,000 ya mwezi woyamba idzachokere, ndipo ngati vuto ndi matenda kapena maliro, yambani mwafunsa za thumba la zadzidzidzi, limene m'magulu ambiri silikhala ndi chiwongoladzanja.

9. Kalembetseni m'malamulo a gulu

Nthawi yabwino ndi poyamba chaka chatsopano, mutangogawana, pamene palibe amene ali ndi ngongole ndipo palibe amene angaganiziridwe kuti akudzikonzera njira. Pemphani wapampando kuti gulu liyankhe mafunso atatu, mayankho alembedwe m'buku la malamulo. Munthu akalephera kupereka chiwongoladzanja, chimaphatikizidwa ku ngongole kapena chimadikira pambali? Munthu akadula ngongole, chiwongoladzanja cha mwezi wotsatira chimatsika kapena ayi? Chindapusa chimaperekedwa pamanja kapena chimalowa m'buku?

Musangolemba mawu okha, chifukwa mawu aliyense amawamva mwake. Pansi pa lamulo lililonse lembani chitsanzo cha manambala. Ife tinalemba chonchi pa tsamba loyamba: "Wotenga K50,000 akapanda kupereka kanthu, mwezi wachiwiri ndi K72,000. Akapereka K10,000, mwezi wachiwiri ndi K60,000. Akapereka K25,000, mwezi wachiwiri ndi K42,000." Wina aliyense akamatenga ngongole, owerenga ndalama asanamupatse, ndimamuwerengera mizere itatu imeneyi mokweza, n'kusintha manambala kuti agwirizane ndi ndalama imene akutengayo, ndipo amasaina pansi pake.